Makalata Awiri pa Tebulo la Ahedi

Teremu ikamayamba, mphunzitsi amapereka masikimu ndi mapulani a maphunziro kwa aphunzitsi aakulu, pamwamba pake ataika kakalata kopempha zipangizo. Tiyerekeze kuti aphunzitsi awiri a masamu a Sitandade 5 alemba makalata otere.

Woyamba walemba mwaulemu kwambiri. Wapereka moni, wathokoza utsogoleri wabwino, kenako wati: “Bwana, landirani ntchito yanga ya teremu ino. Zipangizo zikutisowa kwambiri, chonde mutiganizireko.” Kalatayi siipsetsa munthu mtima, ndipo pa sukulu yaing'ono, pomwe ahedi amadziwa kale za m'kalasi iliyonse, ikhoza kukwanira. Koma pa sukulu yaikulu ahedi akaiwerenga amangogwedeza mutu n'kuiika m'fayilo. Akatenge chiyani kusitolo? Zingati? Zifike liti?

Wachiwiri moni wake ndi wa mzere umodzi. Watchula zomwe wapereka: sikimu ya masamu ya teremu yonse ndi mapulani a sabata yoyamba, poti pulani imalembedwa phunziro likayandikira, mphunzitsi ataona pomwe ana afika. Kenako pempho lake walimangirira ku sikimuyo: “Sabata yachinayi ndiyamba mafulakishoni. Ndili ndi ophunzira 96, ndidzawagawa m'magulu 12 a ana 8. Ndikupempha matchati 12, mamaka 4, tepi yomatira imodzi ndi bokosi la choko, zifike sabata yachitatu isanathe kuti ndijambuliretu.”

Ahedi atha kutsegula sikimu pa sabata yachinayi n'kuona kuti mutuwo ulipodi. Kuchuluka kwa matchati nakonso kwachokera pa magulu, sikwangoganiziridwa ayi. Izi zimathandiza chifukwa ndalama zotukulira sukulu zomwe boma limapereka sizituluka ndi siginecha ya ahedi okha. A komiti ya sukulu amafunanso kudziwa chomwe chikugulidwa. Chiwerengero chomveka ahedi amapita nacho kumsonkhano, pomwe mawu oti “mutiganizireko” sangaikidwe pa bajeti.

Chimene chimandikopa kwambiri n'chiganizo chimodzi chomwe wawonjezera: “Zitsekerero za mabotolo ndi makatoni odula zidutswa tasonkhanitsa kale ndi ana.” Ku koleji tonse tinaphunzitsidwa kugwiritsa ntchito zopezeka m'dera lathu, ndipo ahedi ambiri yankho lawo loyamba limakhala lomwelo. Mphunzitsiyu wawayankhiratu, kusonyeza kuti akupempha zokhazo zomwe sangatole kuseri kwa golosale.

Kalata yachiwiriyi ili ndi msampha wake. Ikauma kwambiri imamveka ngati wamng'ono akulamula wamkulu, makamaka potchula tsiku. “Ndikupempha kuti ngati n'kotheka” ndi mawu ochepa, koma asasowe. Chinanso, walembayo wadzimanga yekha: mlangizi wa m'zoni akabwera sabata yachinayi n'kupeza khoma lili mbee, matchati atatengedwa, funso lidzagwera iye.

Ngakhale zili choncho, ine ndingasankhe yachiwiriyo, n'kubwerekako moni kwa yoyamba. Musaiwale deti, ndipo kope imodzi musunge nokha.