Laputopu Ikazima Usiku wa Malipiro

Ndimamvera chisoni kalaliki wa kampani ina ku Limbe amene laputopu yake inazima usiku, pamene mawa lake anayenera kupereka ndandanda ya malipiro a antchito. Atadina batani, palibe chinayaka. Mtima unali thithithi.

Choyamba anayang'ana kanyali ka pamene chaja imalowera. Kakapanda kuyaka, nthawi zambiri vuto ndi chaja kapena soketi, osati makinawo. Kake kanayaka, choncho magetsi ankafika. Anazula chaja, nadina batani loyatsira masekondi 30 osasiya kuti magetsi otsalira m'kati atheretu. Sizinathandize.

Apa ambiri amataya mtima, poganiza kuti mafayilo apita. Ayi ndithu. Mafayilo amakhala pa hadi disiki kapena SSD, ndipo kachipangizoka kamapulumuka ngakhale bolodi yaikulu itapsa. M'mamawa wokonza makompyuta anamasula zomangira, nachotsa disikiyo, naiika m'kabokosi ka USB, nailumikiza pa kompyuta ina. Fayilo ya Excel ya malipiro inatseguka.

Koma njirayi ili ndi malire. Malaputopu ena opyapyala disiki yawo ndi yomatiridwa pa bolodi, sichoka. Ndipo disiki yotsekedwa ndi BitLocker imafuna kiyi ya manambala 48, imene kalalikiyu akanaipeza mu akaunti yake ya Microsoft kapena kwa oyang'anira makompyuta a pa ntchito.