Mmene Olemba Mapulogalamu a Kompyuta Amakambirana za Malipiro

Kampani ya mapulogalamu a kompyuta ku United States ikafuna kulemba munthu ntchito, malipiro amene imamulonjeza amabwera m'zigawo zingapo. Pali malipiro enieni a pachaka, bonasi yodalira mmene ntchito yayendera, ndalama yolandira kamodzi posaina, ndiponso masheya a kampaniyo.

Masheyawo ndiwo amasokoneza anthu ambiri. M'makampani aakulu amalembedwa kuti RSU, ndipo saperekedwa tsiku limodzi. Kawirikawiri amagawidwa pa zaka 4, ndipo m'makampani ambiri munthu akachoka chaka choyamba chisanathe amachoka chimanjamanja. Kagawidwe kakenso kamasiyana. Ena amapereka 25 peresenti chaka chilichonse, pamene Amazon imadziwika ndi kupereka 5 peresenti chaka choyamba, 15 chachiwiri, kenako 40 ndi 40.

Kusiyanaku kumaoneka bwino pa chitsanzo chongoyerekeza. Kampani yoyamba yalonjeza $150,000 pachaka, bonasi ya 10 peresenti, ndi masheya a $120,000 ogawidwa mofanana. Chaka chilichonse munthuyo apeza $195,000. Kampani yachiwiri yalonjeza $140,000 pachaka, $30,000 posaina, ndi masheya a $200,000 ogawidwa m'njira ya 5, 15, 40, 40. Masheya ake ndi okopa, koma chaka choyamba munthuyo apeza $180,000, ndipo chachiwiri $170,000 basi. Chaka chachitatu ndi chachinayi m'pamene afike pa $220,000. Pa zaka zonse 4 kampani yachiwiri ipambana ndi $10,000 yokha, koma wochoka patatha zaka ziwiri akhala atataya $40,000. Choncho asanasankhe, munthu ayenera kudzifunsa moona mtima kuti akhalapo nthawi yaitali bwanji. Akumbukirenso kuti mtengo wa masheya umakwera ndi kutsika, ndiponso kuti makampani ambiri amaitanitsa ndalama yosainira ija ngati munthu wachoka chaka chisanathe.

Kampani yongoyamba kumene, imene masheya ake sagulitsidwa pamsika, nthawi zambiri imapereka ufulu wodzagula masheya pa mtengo woikikiratu. Ufuluwo si ndalama ya m'thumba, ndipo ungathe kuthera m'madzi kampaniyo ikagwa. Wochoka ntchito nthawi zambiri amapatsidwa masiku 90 okha oti agule masheyawo ndi ndalama zake.

Nthawi yabwino yokambirana ndi pamene kampani yanena kale kuti ikumufuna, koma iye asanavomere. Pa nthawiyo kampaniyo yawononga kale maola ambiri a antchito ake pomufunsa mafunso, ndipo sifuna kuyambiranso. Wofunsidwa kuti akufuna zingati pamene mayeso akungoyamba angathe kupempha kuti ayambe wamva malire a malipiro a udindowo. Ku California, kuyambira mu 2018, lamulo limaletsa olemba ntchito kufunsa zimene munthu ankalandira kumene akuchokera. Ambiri amaona pa Levels.fyi, pamene antchito amalemba okha zimene amalandira. Koma chimene chimamveka kwambiri ndi kalata yeniyeni ya kampani ina. M'chitsanzo chija, munthuyo angauze kampani yachiwiri kuti pa zaka ziwiri zoyambirira yatsalira ndi $40,000, ndi kupempha kuti iwonjezere ndalama yosainira. Pempho lotere limavomerezeka mosavuta kuposa kukweza malipiro a pachaka, chifukwa ndalamayo imatuluka kamodzi, pamene malipiro a pachaka ali ndi malire pa giredi iliyonse. Kunamizira kalata imene palibe n'kudzitchera msampha, pakuti makampani ena amapempha kuti aione.

Kupempha nthawi si mwano. Makampani ena amapereka masiku awiri kapena atatu okha pofuna kuti munthu asamve za ena. Iye athokoze, apemphe kuti zonse zilembedwe, ndipo atchule tsiku lenileni limene adzayankhe, monga patatha sabata imodzi. Tsiku lomwelo adziwitse makampani ena amene akumuyesabe, chifukwa akamva kuti pali kalata amafulumizitsa zinthu. Asasiye ntchito yakale pongodalira lonjezo la pafoni.

Pokana, imelo ya ziganizo zitatu kapena zinayi ndi yokwanira: kuthokoza, kunena mosazungulira kuti wasankha kwina, ndi kusonyeza kuti angakonde kudzalankhulananso. Palibe chifukwa chofotokozera zolakwa za kampaniyo kapena kutchula kumene akupita. Imeloyo itumizidwe akangosaina kwinako, chifukwa kampani yokanidwayo nthawi zambiri imakhala ndi munthu wina amene yamudikiritsa, ndipo amene anatsogolera mayeso aja angadzapezeke akulemba anthu ntchito pa kampani ina.