Kuchoka pa pulobeshoni kumayamba ndi masamu

Ophunzira ambiri m'mayunivesite a ku Amereka, kuphatikizapo Amalawi opita kumeneko pa sikolashipu, akalandira kalata yowaika pa pulobeshoni amaganiza kuti achotsedwa sukulu. Ayi, kalatayo ndi chenjezo chabe. Imafika GPA ya maphunziro onse ikatsika kuchepera 2.0, ndipo mwini wake amapatsidwa semesita imodzi kapena ziwiri kuti aikweze. Akalephera m'pamene amaimitsidwa.

GPA imawerengedwa chonchi: giredi A ndi mapointi 4, B ndi 3, C ndi 2, D ndi 1, pomwe F ndi 0. Phunziro lililonse lili ndi makirediti ake, amene kawirikawiri amatsata maola a m'kalasi pa sabata. Mapointi a giredi amachulukitsidwa ndi makireditiwo, kenako zonse zimaphatikizidwa n'kugawidwa ndi makirediti onse.

Tiyerekeze mtsikana wa chaka choyamba. Bayoloje ya makirediti 4 wapeza D, mapointi 4. Masamu a makirediti 3 wapeza F, palibe kanthu. Chingerezi wapeza B, mapointi 9, ndipo mbiri wapeza C, mapointi 6. Awiriwa ali ndi makirediti atatuatatu. Zonse pamodzi ndi mapointi 19 pa makirediti 13, GPA yake 1.46.

Apa m'pamene ambiri amagwa m'mbuna, poganiza kuti kungokhoza kukwana. Mtsikanayu akatenganso makirediti 13 n'kupeza C paliponse, amakhala ndi mapointi 45 pa makirediti 26. Imeneyo ndi 1.73, ndipo pulobeshoni ikadalipo. Kuti afike pa 2.0 akufunika mapointi 33 m'semesita yachiwiriyo, kutanthauza ma B ambiri ndithu.

Njira yachidule ndi kubwereza masamu aja. Mayunivesite ambiri amalola giredi yatsopano kulowa m'malo mwa yakale powerengera. Akapeza B pa masamu ndi C pa makirediti 10 otsalawo, amakhala ndi mapointi 48 pa makirediti 23, GPA 2.09, watuluka. Koma sukulu zina zimawerengera magiredi onse awiri, ndipo kumeneko zotsatira zomwezi zimangomufikitsa pa 1.85. N'chifukwa chake ayenera kufunsa mlangizi wa maphunziro za lamulo limeneli asanalembetse phunziro lililonse.

Kuunjika maphunziro ambiri kuti abweze msanga n'kudzipha. Ndi bwino kuchepetsa katundu, ngakhale wophunzira digiri yoyamba pa viza ya F-1 sangatsike kuchepera makirediti 12 popanda chilolezo cha ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja. Phunziro likamaoneka kuti lavuta pofika pakati pa semesita, akhoza kulisiya tsiku lomaliza lololedwa lisanadutse. Pamenepo pamalembedwa W, imene silowa mu GPA. Akangosiya kupita m'kalasi mwakachetechete osadzaza fomu, amapatsidwa F.