Makina Omasulira Angaulule Kafukufuku Wanu

Mu Seputembala 2017, nyumba youlutsa mawu ya ku Norway, NRK, inaulula kuti zikalata za kampani ya mafuta ya Statoil ndi makampani ena zinkapezeka poyera pa Google. Munali makontirakiti ngakhalenso makalata ochotsa anthu ntchito. Panalibe wakuba. Ogwira ntchito anangozimasulira kwaulere pa Translate.com, komwe zinkasungidwa kuti anthu omasulira azikonze, ndipo Google inazitola komweko.

Wofufuza amene sanasindikize zomwe wapeza ali pachiopsezo chomwecho. Mukaika ndime m'makina omasulira, mawuwo amatuluka m'kompyuta yanu n'kupita m'makompyuta a kampaniyo. Ngati muli mayina a odwala, mwaphwanya lonjezo lowasungira chinsinsi. Ngati muli njira yatsopano yopangira mankhwala, ikaululika musanailembetse mungataye umwini wake.

Choncho werengani kaye malamulo a kampaniyo. Mwachitsanzo, DeepL yaulere imatha kugwiritsa ntchito mawu anu pophunzitsa makina ake, pomwe yolipira imawafufuta ikatha kumasulira.

Kenako bisani zozindikiritsa. Dzina la wodwala likhale "Munthu A", mudzi wake ukhale "Mudzi B", ndipo manambala a zotsatira muwabwezeremo nokha mukamaliza. Komabe ganizo lenileni silibisika motero, n'chifukwa chake gawo lofotokoza zatsopanozo lipite kwa womasulira amene wasainira kusunga chinsinsi.

Mukakayika, koperani chiganizo chimodzi chosaulula kanthu, muchifufuze pa Google. Chikapezeka, dziwitsani akuluakulu a kafukufukuyo msanga. Chikapanda kupezeka musatayirire, chifukwa zosungidwa mkati mwa kampani sizioneka pamenepo.