Chofiira ndi chobiriwira pa positala: ena mwa owerenga sakuona zimene mwalemba

Pakhoma la chipatala, pasukulu, ku ofesi ya zaulimi ngakhale kutchalitchi, pali chizolowezi chimene tinangochilandira osafunsa: chabwino timachilemba ndi utoto wobiriwira, choopsa ndi wofiira. Wolemba amaona kuti wapeputsira owerenga ntchito, poti mitundu iwiriyi kwa iye ndi yotalikirana kwambiri. Koma pagulu limene laima kutsogolo kwa chidziwitsocho pamakhala anthu, makamaka amuna, amene maso awo salekanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira. Ngati uthenga wonse wagona pa mtundu wokha, anthu amenewa amachoka pamenepo asanamve kanthu, ndipo kawirikawiri sanena, chifukwa ambiri sadziwa n'komwe kuti anzawo akuona zosiyana.

Anthuwa sikuti amaona dziko lopanda mitundu. M'kati mwa diso, kumbuyo kwake, muli timaselo tamitundu itatu tolandira kuwala. Tina timamva kwambiri kuwala kwa buluu, tina kwa mbali ya chobiriwira, tina kwa mbali ya chofiira, ndipo ubongo umadziwa mtundu wa chinthu poyerekeza zimene magulu atatuwa atumiza. Gulu limodzi mwa awiri omalizawo likasowa, kapena likamamva kuwala mofanana kwambiri ndi linzake, ubongo umasowa choyerekeza. Zikatero chofiira, chobiriwira, bulauni ndi olenji wakuda zimayamba kufanana, pepo amaoneka ngati buluu, ndipo pinki wotuwa amatha kusokonezeka ndi mtundu waphulusa. Buluu ndi chikasu zokha zimakhalabe zosiyana bwinobwino, ndipo mfundo imeneyi ndi imene wolemba positala ayenera kuigwiritsitsa.

Vutoli ambiri amabadwa nalo. Limayenda pa kolomozomu ya X, imene mwana wamwamuna amalandira imodzi yokha kuchokera kwa mayi ake, pamene wamkazi amakhala nazo ziwiri ndipo yabwinoyo imaphimba inzake. N'chifukwa chake pakati pa anthu ochokera kumpoto kwa Ulaya limapezeka mwa mwamuna mmodzi pa 12 alionse, koma mwa mkazi mmodzi yekha pa 200. Pakati pa anthu a mu Afirika chiwerengerocho n'chotsikirapo, komabe chidziwitso chimene chikuwerengedwa ndi anthu mazanamazana sichingalephere kukumana nawo. Katswiri wa sayansi wa ku Mangalande, John Dalton, anafotokoza za maso ake mu 1794, atadabwa kuti duwa limene anzake ankati n'lapinki iye ankaliona ngati labuluu masana. Mu 1917 dokotala wa maso wa ku Japan, Shinobu Ishihara, anatulutsa zithunzi za timadontho tobisa manambala zimene mpaka lero amayezera vutoli. Mankhwala ochiritsa palibe, choncho chimene chingasinthe ndi pepala lathu.

Pali kusiyana kumodzi kumene wolemba ayenera kukudziwa. Amene vuto lawo lili pa timaselo ta chobiriwira, omwenso ndi ochuluka, amasokoneza mitundu koma chofiira chimawawalirabe. Amene vuto lili pa timaselo ta chofiira amachiona chitada, nthawi zina mpaka kuyandikira chakuda. Chitsanzo tonse tili nacho pafupi, mbendera ya Malawi. Dzuwa lofiira limene likutuluka pa mzere wakuda, kwa munthu wotereyu limaoneka mozimiririka, ndipo malire a mzere wofiira ndi wobiriwira saoneka bwino. Pa mbendera palibe chovuta, aliyense amaidziwa kale. Koma ambiri timatengera mitundu yomweyo pokonza mapositala a zochitika zadziko, n'kulemba tsiku ndi malo ndi zilembo zofiira pamwamba pa chakuda kapena chobiriwira. Apo ndiye kuti mawu ofunika kwambiri taabisa.

Tiyerekeze kuti chipatala chaching'ono chikufuna kukhoma kalendala ya mwezi yosonyeza masiku a sikelo ya ana. Wokonza wajambula timabokosi 30 pa kompyuta. Masiku amene kuli sikelo wawapaka chobiriwira, masiku amene kulibe wawapaka chofiira, madeti wawalemba ndi zakuda, ndipo pansi penipeni waika timabokosi tiwiri tofotokoza tanthauzo la mitunduyo. Mitundu imene wasankha ndi ija imapezeka msanga m'mapulogalamu ambiri, chofiira cha nambala #FF0000 ndi chobiriwira cha #008000.

Bambo wosalekanitsa mitundu amene wabwera kudzaonera mwana wake tsiku akuona timabokosi 30 tofanana ndithu. Chifukwa chake chimayezeka. Akatswiri okonza zolemba zowerengeka pa makompyuta, m'malangizo otchedwa WCAG, ali ndi muyezo wa kusiyana kwa kuwala pakati pa mitundu iwiri. Mitundu yofanana ndendende imapereka 1:1, chakuda pa choyera chimapereka 21:1, ndipo iwo amalangiza kuti zilembo wamba zisatsike pa 4.5:1, zikuluzikulu zisatsike pa 3:1. Muyezowu anaupangira zowerenga pa sikirini, koma umathandizanso papepala. Chofiira ndi chobiriwira za pa kalendala yathu zikusiyana ndi 1.3:1 yokha. Ndiye kuti mukachotsapo mtundu, chimene chatsala n'chochepa zedi, chifukwa zonse ziwiri n'zodera mofanana. Timabokosi tofotokozera tapansi tija sitimuthandizanso, poti nato tikufanana.

Kukonza kwake kumayambira pa kuwala. Masiku amene kulibe sikelo asiyeni oyera, madeti akuda. Masiku a sikelo apakeni buluu wakuda n'kulemba madeti ndi zoyera. Tsopano ngakhale munthu ataima patali, akuona timabokosi takuda pakati pa toyera. Kenaka lembani mawu akuti SIKELO m'kabokosi kalikonse kabuluu, kuti pasakhale chifukwa chotsitsira maso pansi kukafufuza tanthauzo. Uthenga umodzi wanenedwa katatu, ndi mtundu, ndi kuwala, ndi mawu, ndipo njira imodzi ikalephera zina ziwiri zimaufikitsa.

Nanga pakafunika gulu lachitatu, tinene masiku a katemera? Apa ambiri amathamangira chikasu, poti amadziwa kuti sichisokonezeka ndi buluu. Zoonadi, ndipo zilembo zakuda pa chikasu zimawerengeka bwino kwambiri. Koma chikasu chimawala moyandikana ndi pepala loyera, moti kabokosi kachikasu pambali pa koyera sikaonekera patali, ndipo pa fotokope kamatheratu. Olenji wowala ndiye amakhala pakatikati pa choyera ndi buluu wakuda. Akatswiri awiri a ku Japan, Masataka Okabe ndi Kei Ito, anasankha mitundu ingapo imene anthu a maso osiyanasiyana amatha kuilekanitsa, ndipo itatu mwa iyo ndi iyi:

```
#0072B2
#E69F00
#D55E00
```

Woyamba ndi buluu wakuda uja, amene zilembo zoyera pamwamba pake zimapereka pafupifupi 5:1. Wachiwiri ndi olenji, ndipo zilembo zakuda pa iye zimapitirira 9:1. Wachitatu ndi chofiira chopendekera ku olenji, chimene mungagwiritse ntchito ngati chofiira chikufunikadi pochenjeza, chifukwa sichida kwambiri m'maso mwa amene chofiira wamba chimawadera. Pa pepala loyera chimapereka pafupifupi 3.9:1, kotero n'choyenera mitu ikuluikulu yokha. Zilembo zing'onozing'ono zikhale zakuda basi.

Sindikunena kuti chofiira ndi chobiriwira tizitaye. Maloboti a pamsewu amazigwiritsa ntchito, koma nyali yofiira imakhala pamwamba nthawi zonse ndipo yobiriwira pansi, motero dalaivala amawerenganso malo. Lamba woyezera mkono wa mwana kusikelo ali ndi chofiira pansi pa masentimita 11.5, chikasu kufika pa 12.5, ndi chobiriwira kupitirira apo, koma manambala amalembedwanso pa lambayo, ndipo wazaumoyo wosalekanitsa mitundu amatha kuwerenga nambala. Zikwangwani zoletsa zimakhala zozungulira zokhala ndi mzere wodutsa pakati, zochenjeza zimakhala zamakona atatu. Positala yophunzitsa kupewa kolera itsate zomwezo: mbali ya zoyenera kuchita ikhale ndi mutu wolembedwa ndi mawu komanso chizindikiro chochonga, mbali ya zoletsedwa ikhale ndi mutu wake ndi mtanda waukulu. Mapu osonyeza madera amene madzi amasefukira aikidwe mizere yopingasa pa dera loopsalo, ndipo dzina la deralo lilembedwe pomwepo.

Musanasindikize zambiri, yesani pepala limodzi. Njira yotsika mtengo ndi kulipititsa pa makina a fotokope osatulutsa mitundu, kapena kulijambula ndi foni n'kusandutsa chithunzicho kukhala chakuda ndi choyera. Ngati uthenga ukumvekabe, mwachita mbali yaikulu. Njirayi ili ndi polekezera pake, ndipo n'pofunika kupadziwa. Makina amaona chofiira monga mmene diso wamba limachionera, choncho zilembo zofiira pa chakuda zikhoza kutuluka zowerengeka pa fotokope, pomwe kwa munthu amene chofiira chimamudera sizikuoneka. Ngakhale muyezo uja umazipatsa kupitirira 5:1, n'kuoneka ngati zili bwino. Chofiira pa chakuda ingochipewani, kaya mayeso anena chiyani. Amene amagwiritsa ntchito Photoshop angatsegule View, kenaka Proof Setup, n'kusankha Color Blindness, pamene pali Protanopia-type ndi Deuteranopia-type, ndipo ayang'ane zonse ziwiri. Palinso pulogalamu yaulere yotchedwa Color Oracle imene imasintha sikirini yonse kuti ioneke monga aionera munthu wa vutoli. Koma ngati mukudziwa wina wosalekanitsa mitundu, muonetseni pepala lenilenilo, ndipo m'malo momufunsa kuti uwu ndi mtundu wanji, mufunseni kuti sikelo iliko tsiku liti. Yankho lake ndi limene lingakuuzeni ngati kalendala ikugwira ntchito.

Zidziwitso zambiri kwathu kuno sizidutsa n'komwe pa kompyuta. Zimalembedwa ndi maka pa pepala la manila kapena ndi choko pabolodi, ndipo mfundo yake ndi yomweyo. Maka ofiira pa manila wobiriwira, kapena obiriwira pa manila wapinki, ndi osayenera. Sankhani manila woyera kapena wachikasu, mulembe ndi maka akuda kapena abuluu, ndipo liwu limene mukufuna kutsindika mulikulitse kapena mulidule mzere kunsi. Mphunzitsi amene amalemba mayankho olondola ndi choko chofiira pabolodi lakuda kapena lobiriwira adziwe kuti mwana wina kumbuyo sakuwaona, ndipo mwanayo angatengedwe ngati waulesi pomwe vuto ndi choko. Choko choyera ndi chachikasu zimaoneka kwa onse.

Kumbukiraninso dzuwa. Pepala likakhala panja miyezi ingapo, inki yofiira ndi yachikasu zimakonda kusuluka msanga, n'kutsala zabuluu ndi zakuda, ndipo n'chifukwa chake mapositala akale pamakoma a m'misika amaoneka abuluu okhaokha. Tsiku, nthawi, malo ndi mlingo wa mankhwala zilembedwe ndi inki yakuda, ndipo ngati positalayo ikhala nthawi yaitali, ikhomedwe pakhonde pamene dzuwa silifika.