Mpando wa mu Ofesi ndi Mimba ya Bwana

Pamene ankayamba ntchito ya ukalaliki pa ofesi ina ku City Centre mu Lilongwe, mnyamata wa nkhani yathuyi anali wowonda koma wolimba. Anakulira kumudzi ku Ntcheu, kumene khasu, njinga ndi kusenza matumba a mbatata zinali ntchito za tsiku ndi tsiku. Sikelo inkamupatsa makilogalamu 62. Dzina lake sitilitchula, pakuti amene amadutsa njira yomweyi ndi ambiri m'maofesi a m'tauni.

Chaka choyamba ankachita lendi ku Kawale ndipo ndalama ya minibasi inkavuta, choncho ankapita ku ntchito wapansi, pobwera chimodzimodzi. Masana ankadya chinangwa kapena nthochi. Atamukweza pa ntchito, anasamukira ku Area 25, kutali koti munthu sangayende wapansi. Anayamba kukwera minibasi, ndipo kuchoka pa siteji kukafika pakhomo ankakwera kabaza. Patapita zaka zingapo anagula kagalimoto pa ngongole. Kuyambira pamenepo, ulendo wake wautali wapansi unali wochoka poimika galimoto kukafika pa desiki.

Chimene sichinasinthe ndi mbale yake. Kumudzi ankatha mitanda inayi ya nsima, ndipo inkathera m'munda. M'tauni anapitiriza kudya mitanda inayi yomweyo, koma tsopano akukhala pampando maola asanu ndi atatu. Apa ndi pamene pagona nkhani. Thupi la munthu wokhala pansi limagwiritsa ntchito mphamvu zochepa, koma chilakolako cha chakudya sichitsika msanga kuti chifanane ndi ntchitoyo. Chakudya chotsala thupi silitaya, limachisandutsa mafuta n'kusunga, ndipo mwa amuna ambiri nkhokwe yake ndi pamimba.

Ofesi inabweretsanso zakudya zimene kumudzi sankazidziwa ngati za tsiku lililonse. Nthawi ya 10 koloko kunkabwera tiyi, ndipo iye ankathira masipuni atatu a shuga, n'kutsitsira mandasi awiri. Masana anzake ankamukokera pa chiwaya kukadya tchipisi ndi botolo la chakumwa chozizira. Ku wekishopu kunkakhala chakudya chodzitengera wekha, ndipo kusiya nyama ya ulere kunkaoneka ngati kupusa. Lachisanu madzulo kunali mowa ndi kanyenya.

Taonani shuga yekhayo. Makapu awiri a tiyi ndi masipuni asanu ndi limodzi. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana pafupifupi masipuni asanu ndi atatu. Pamodzi ndi masipuni 14, asanawerengere mandasi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire masipuni a tiyi 12 pa tsiku, ndipo likuti ndi bwino kwambiri kulekezera pa asanu ndi limodzi. Vuto la shuga wa m'zakumwa ndi loti sakhutitsa: munthu amamwa botolo lonse n'kudyabe nsima yake yonse.

Patatha zaka zisanu ndi chimodzi, sikelo inawerenga makilogalamu 80. Makilogalamu 18 akumveka ambiri, koma mukawagawa ndi makilogalamu atatu pa chaka, kapena kota ya kilogalamu pa mwezi. Palibe amene angaone kota ya kilogalamu pa galasi. Chimene chinkadziwa ndi lamba, amene anamuboola kawiri ndi msomali, ndi telala amene anamasula mathalauza ake.

Anthu nawo sanamuthandize kuona. Atapita kumudzi pa Khirisimasi, azakhali ake anamuwombera m'manja: "Koma mwanenepa bwino, mwanawe! M'taunimu mukukuyanjani." Ku ofesi a mesenjala anayamba kumutchula kuti bwana asanakhale bwana. Kwathu kuno mimba imawerengedwa ngati chizindikiro cha ndalama ndi cha mkazi wodziwa kusamala mwamuna. Komanso kuyambira zaka zimene Edzi inavuta kwambiri, munthu akaonda anthu amanong'onezana. Choncho wonenepa amayamikiridwa, pamene woyesa kuchepetsa thupi amafunsidwa ngati akudwala.

Makhalidwe ake anasintha mwakachetechete. Mpira wa Loweruka anausiya chifukwa mawondo ankawawa, n'kuyamba kuuonera pa kanema. Akadya nsima yamasana ankasinza pa kompyuta, ndiye ankamwanso tiyi wina wa shuga kuti tulo tichoke. Masitepe a nsanjika ziwiri ankafika pamwamba ali wefuwefu. Usiku mkazi wake ankamugwedeza: "Bambo a mwana, tembenukani, mkonono wanuwu sitikugona nawo." Kusayenda kunabweretsa kulemera, ndipo kulemerako kunachititsa kuyenda kukhala kowawa.

Tsiku lina anaperekeza mwana kuchipatala, ndipo anesi anamupempha kuti naye ayezetse bipi. Makina anawerenga 152 pa 96. Iye anadabwa chifukwa sankamva kupweteka paliponse. Anesi anamuuza kuti: "Bambo, bipi nthawi zambiri siimveka m'thupi. Ambiri amaidziwa atagwa kale sitiroko." Malire amene achipatala amayendera ndi 140 pa 90, koma kuyeza kamodzi sikokwanira, choncho anamuuza kuti abwerenso masiku ena. Atabwerera, manambala anali okwerabe. Sali yekha: kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi bipi yokwera, ndipo ochuluka kwambiri sankadziwa.

Anesiwo anamuphunzitsanso muyeso wosafuna ndalama. Dulani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, chipindeni pakati, ndipo muchizungulize pamimba, chapamwamba pang'ono pa mchombo, osakoka mimba mkati. Nsonga zake zikalephera kukumana, mafuta a pamimba achuluka. Iye ndi wamtali masentimita 170, choncho mimba yake sinayenere kupitirira 85. Inali pa 97. Mafuta a pamimba ndi oopsa kuposa a m'ntchafu chifukwa amakuta chiwindi ndi matumbo, ndipo amalepheretsa thupi kugwiritsa ntchito bwino shuga wa m'magazi. Ndi chifukwa chake anamuyezanso shuga m'mawa asanadye kanthu. Anali asanafike pa matenda, koma anali pafupi.

Poyamba anachita zimene ambiri amachita. Analeka kudya m'mawa ndi masana, koma pofika madzulo njala inkamudyetsa kawiri. Anathamanga mwamphamvu Loweruka lina, bondo n'kutupa. Zimene zinagwira ntchito zinali zazing'ono. Shuga wa mu tiyi anamuchepetsa sipuni imodzi imodzi mpaka lilime linazolowera. Chakumwa chozizira chinasanduka cha pa ukwati, ndipo pa desiki anaikapo botolo la madzi. Nsima anaichepetsa kufika pa mitanda iwiri ya mgaiwa, n'kuchulukitsa nyemba, usipa ndi masamba monga bonongwe ndi nkhwani. Mchere wa patebulo anauchotsa. Ola la chakudya chamasana analigawa pawiri, theka n'kumayenda mwandawala. Mphindi 30 masiku asanu pa sabata zimakwanitsa mphindi 150 zimene WHO imalangiza.

Patatha chaka anatsika kufika pa makilogalamu 74. Sanabwerere pa 62, ndipo achipatala sanamuuze kuti atero, pakuti kuchotsa ngakhale gawo limodzi mwa magawo 20 a kulemera kwa thupi kumathandiza kale bipi ndi shuga. Bipi yake inatsika koma sinafike pofunika, choncho adokotala anamupatsa mankhwala a tsiku lililonse n'kumuchenjeza kuti asawasiye ngakhale akumva bwino. Amakayezetsa pa masiku amene anamulembera m'buku lake la kuchipatala. Ntchito ndi yomweyo, mpando ndi womwewo, ndipo tsiku lililonse pa chiwaya anzake amamuitanabe.