Chimbale cha Gemu: Zimene Chithunzi Chimaulula

Mwambi wa makolo umati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Mwambiwu ukugwira ntchito ngakhale pa malonda a zimbale za magemu a pakanema, amene achinyamata a ku Soche, Zingwangwa ndi Limbe amawakonda. Masiku ano malonda ambiri a katundu wogwiritsidwapo kale ntchito amayambira pa foni: wogulitsa atumiza chithunzi, wogula atumiza ndalama, katundu n'kubwera pambuyo. Tsono munthu wa ku Soche amene waona chithunzi cha chimbale chili ku Limbe angadziwe bwanji ngati n'chenicheni kapena chokopera?

Chitsanzo chabwino ndi makina a PlayStation 2, amene kampani ya Sony inawatulutsa m'chaka cha 2000. Makinawa anasiya kupangidwa kalekale, motero zimbale zake zenizeni zimene zikuyenda pamsika ndi zakale. Funsoli si lachabe, pakuti makina amene sanasinthidwe m'kati amakana chimbale chokopera. Okhawo amene amisiri anawaika kachipangizo kapena pulogalamu yapadera ndiwo amachilandira. N'chifukwa chake kanema woonetsa gemu ikuyenda pa makina a wogulitsa si umboni: chimbale chomwecho chikafika kunyumba kwa wogula chikhoza kungoti zii.

Chithunzi choyamba chimene wogula wanzeru amapempha ndi cha kunsi kwa chimbale, mbali imene makina amawerenga. Chimbale chenicheni chimadindidwa m'fakitale ndi chikombole, monga momwe amadindira ndalama zachitsulo. Chokopera nthawi zambiri chimaotchedwa pa kompyuta, ndipo kuti chiotcheke chimakhala ndi utoto m'kati mwake. Utotowo ndiwo umachiulula. Chimbale chenicheni cha PlayStation 2 cha mtundu wa DVD chimaoneka chasiliva kunsi, pamene DVD yootcha imaoneka yofiirira mopita ku mtundu wa maluwa a jakaranda. Pa chootcha pamaonekanso malire ozungulira, olekanitsa pamene palembedwa ndi pamene patsala. Komabe pali msampha: magemu ena ang'onoang'ono a makinawa anatuluka pa CD, ndipo kunsi kwake n'kobiriwira modera ngati thambo la madzulo, chikhalirecho ndi enieni. Zimbale za PlayStation yoyamba zinali zakuda kunsi. Choncho mtundu uyenera kuyerekezedwa ndi mawu olembedwa pamwamba, onena ngati chimbalecho ndi CD kapena DVD.

Chachiwiri ndi mkombero wozungulira chiboo cha pakati. M'chaka cha 1994 bungwe la makampani a nyimbo la IFPI, mogwirizana ndi kampani ya Philips, linayambitsa zizindikiro zosonyeza fakitale imene yapanga chimbale, ndipo mafakitale odinda magemu anazitengeranso. Zizindikirozi ndi ziwiri. China chimakhala pa mkombero wonyezimira ngati kalilole, ndipo chimayamba ndi IFPI kenako chilembo L ndi manambala. Chinacho chimakhala chodindidwa m'pulasitiki yoonekera pafupi ndi chiboo. N'chaching'ono kwambiri moti chimaoneka pokhapokha chimbale chitapendekedwa pa kuwala. Kuwonjezera apo, zimbale za PlayStation 2 zili ndi zizindikiro za PlayStation zimene zimaoneka kunsi, pafupi ndi mkomberowo, chimbale chikamatembenuzidwa. Makina ootchera a panyumba sangazilembe. Pa chimbale chootcha, pamalopo pamangokhala manambala a kampani imene inapanga chimbale chopanda kanthu.

Chachitatu ndi zolembedwa pamwamba. Pa chimbale chenicheni inki imadindidwa pa pulasitiki penipeni, ndipo timalemba tating'ono ta m'mphepete timawerengeka bwino ngakhale chithunzi chikakulitsidwa. Chokopera chimakhala ndi pepala lomata, limene m'mphepete mwake mumaoneka, kapena inki ya pulinta imene imamwazika timadontho, zilembo n'kuoneka ngati zanyowa.

Tiyerekeze kuti mnyamata wina walandira zithunzi zitatu za gemu yotchuka ya Grand Theft Auto: San Andreas, ya m'chaka cha 2004. Gemu iliyonse ya makinawa ili ndi nambala yake. Ya gemuyi yopangidwira ku Ulaya ndi maiko ena ogwiritsa ntchito kanema wa mtundu wa PAL ndi SLES-52541, pamene ya ku Amereka ndi SLUS-20946. Pa chithunzi choyamba, chikuto chili ndi chilembo M chakuda m'kabokosi koyera pangodya, chimene ndi chizindikiro cha msinkhu wa osewera cha bungwe la ku Amereka la ESRB. Pa chithunzi chachiwiri, chimbale chalembedwa nambala yoyamba ndi SLES. Apa pali kale kusagwirizana: chikuto n'cha ku Amereka, chimbale n'cha ku Ulaya. Izi pazokha sizitsimikiza chinyengo, pakuti mwina wina anangosokoneza mabokosi. Koma chithunzi chachitatu chikuonetsa kunsi kofiirira, chonsecho gemuyi inatuluka pa DVD yasiliva. Mlandu wathera pomwepo: chimbalecho n'chootcha. Ndipo ngakhale chikanakhala chenicheni, nambalayo ikanafunikabe, chifukwa makina osasinthidwa a PAL amakana chimbale cha ku Amereka.

Bokosi nalonso limalankhula, ngakhale mawu ake ndi ofooka. Mabokosi ambiri a magemu a PAL anali obiriwira ngati thambo, a ku Amereka akuda, ndipo m'kati mwa ambiri munali kamalo kosungirako khadi la chikumbutso cha gemu. Bokosi lakuda lopyapyala lopanda kamaloko n'la mafilimu wamba. Koma mabokosi amasweka ndi kusinthidwa, motero bokosi lachilendo likhoza kusunga chimbale chenicheni, ndipo lenileni likhoza kubisa chokopera.

Nanga makatiriji? Ambiri amene anakula m'zaka za m'ma 1990 amakumbukira katiriji yolonjeza magemu mazanamazana, koma ikaikidwa m'makina n'kupezamo ochepa obwerezedwa. Lonjezo loterolo palokha ndi chizindikiro cha chokopera. Pa makatiriji a Game Boy Advance, makina a m'manja a Nintendo a m'chaka cha 2001, pali zoyang'ana ziwiri. Pepala la kutsogolo la katiriji yeniyeni limakhala ndi manambala aang'ono odindidwa molowa m'kati, opanda inki, amene amaoneka kuwala kukachokera chammbali. Ndipo munthu akasuzumira kukamwa kwa katiriji, pamwamba pa timano tagolide amaona dzina la Nintendo litalembedwa moyera bwino. Okopera ena amayesa kutsanzira, koma zilembo zawo kawirikawiri zimakhala zonenepa kapena zosalongosoka.

Chithunzi chili ndi malire ake. Chimatsimikiza msanga kuti chinthu n'chabodza, koma sichitsimikiza kotheratu kuti n'chenicheni, ngakhale kuti chidzagwira ntchito. Kuwala kwa foni kumabisa mikwingwirima, ndipo chithunzi chokongola chikhoza kukhala chotoledwa kwina. Motero wogula ali ndi ufulu wopempha kuti chimbale chijambulidwe pakhonde masana, chopendekera pang'ono, pambali pake pali kapepala kolembedwa pamanja tsiku la tsikulo. Zithunzi zikhale zinayi: pamwamba, kunsi, mkombero wa pakati chapafupi, ndi m'kati mwa bokosi. Wogulitsa woona mtima sataya mphindi zisanu pojambula zimenezi. Amene akuzengereza, kapena akungotumiza chikuto chokha, wayankha kale funso lija.